Akandisudzula, nyumba ya ku Mufakose ndisiye?

*Amuna anga anamwalira mu Juni osasiya wilo. Tinakwatirana mu 1996 kudzera mwa ankhoswe, koma ukwati sitinakalembetse, ndipo lobola sanapereke chifukwa tonse ndife Achewa. Tili ndi ana atatu, ndipo pamaliro panatulukira mwana wina wa kunja. Alamu anga akuti akandisudzula ndichoke m'nyumba ya ku Mufakose, ilowe m'manja mwa mwana wa mlongo wawo monga mwa mwambo. Atenga kale makiyi a kombi. Kodi ine changa n'chiyani?*

Mayi, pepani ndi zovutazi. Musachoke m'nyumbamo, ndipo musasaine pepala lililonse limene alamu anu angakubweretsereni mpaka mutaonana ndi wodziwa malamulo. Malinga ndi lamulo la Zimbabwe, nyumba imene inu munkakhalamo pa nthawi imene bambo anamwalira ndi yanu, pamodzi ndi katundu wa m'nyumbamo. Kusudzula kumakumasulani ku ukwati, koma sikukhudza umwini wa nyumba. Mwana wa mlongo wa malemu alibe gawo pa chuma chimenechi pamene mkazi ndi ana alipo.

Ngakhale lamulo lili kumbali yanu, ndaona amayi ambiri akutaya nyumba, ndipo kawirikawiri zimachitika m'njira ziwiri. Ina ndi pamene mayi akufunsidwa kuti atsimikize kuti analidi mkazi wa malemu. Ina ndi pamene iye mwini asaina mgwirizano wa banja. Ziwirizi ndizo ndizifotokoze kwambiri, koma ndiyambe ndi zimene lamulo limanena.

Lamulo loyendetsa chuma cha anthu omwalira, Chaputala 6:01, linasinthidwa mu 1997, ndipo kusinthako kunayamba kugwira ntchito pa 1 Novembala chaka chomwecho. Izi zisanachitike, munthu wokwatira mwamwambo akafa wopanda wilo, chuma chonse chinkapita kwa wolowa m'malo mmodzi, amene kawirikawiri ankakhala mwana wamwamuna wamkulu, ndipo ankachitenga ngati chakechake. Mkazi wamasiye ankangodalira chifundo cha mwanayo. Akuluakulu a kuno amakumbukira mlandu wa Venia Magaya, amene anali mwana woyamba wa bambo ake koma anataya nyumba ya ku Mabvuku kwa mchimwene wake wobadwa kwa mayi ena. Khoti lalikulu la apilo linagamula mu 1999 kuti mwambo umakonda mwana wamwamuna, ndipo malamulo aakulu a dziko a nthawi imeneyo ankalola tsankho lotere pa nkhani za mwambo. Ena mpaka lero amautchula mlandu umenewu poopseza amayi. Koma bambo a Venia anamwalira lamulo la 1997 lisanayambe, n'chifukwa chake khoti linatsata njira yakale. Amuna anu amwalira chaka chino, choncho mlanduwo sukukukhudzani. Komanso malamulo aakulu a dziko a 2013, pa gawo 80, amanena kuti mwambo uliwonse wophwanya ufulu wa amayi ulibe mphamvu pa mbali imene ukuphwanyayo.

Mwambo sunafafanizidwe wonse ayi. Lamulo limazindikirabe wolowa m'malo, koma chimene iye amalandira ndi dzina la malemu, ndodo yawo, ndi zinthu zina za makolo zimene mwambo umati zipite kwa iye. Ngati abale akufuna kuti mwana wa mlongo alowe dzina la atsibweni ake, palibe chomuletsa, ndipo ine ndingakulangizeni kuti musalimbane nazo. Zovala za malemu nazo zigawidwe monga anthu amachitira pambuyo pa maliro, zimene anzathu Achishona amati kugova nhumbi. Nyumba, galimoto, ndalama za kubanki ndi puloti sizilowa m'gulu limeneli.

Apa ndinenepo maganizo anga, chifukwa nkhaniyi imandipweteka. Alamu anu akutchula mwambo wa Chichewa, koma autenga theka. Kumudzi, pa chikamwini, mwamuna ndiye ankapita kukakhala kwawo kwa mkazi. Nyumba ankamanga pa malo a kuchikazi, munda unali wa kuchikazi. Akamwalira, abale ake ankatenga zinthu zake za m'manja monga nkhwangwa, njinga ndi zovala, ndipo mayi ndi ana ankatsala pamalo pawo. Mkazi amene anatengedwa chitengwa ankati akasudzulidwa amabwerera kwawo, kumene kunali malume a ana, munda ndi nkhokwe zomuyembekezera. Njira zonse ziwirizi zinkamusiyira mkazi wamasiye pogona. Nanga mayi wobadwira ku Harare, amene makolo ake anabwera kudzagwira ntchito zaka za m'ma 1950, akamuuza kuti abwerere kwawo ndiye kuti apite kuti? Ku Dedza kapena ku Ntcheu kumene mwina sanapondeko? Mwambo wosudzula unali ndi kolandirira munthu. Akauchita popanda kolandirirako, ndiye kuti akungomulanda katundu.

Tsopano tiwerengere. Ndikupatsani ziwerengero zongoyerekeza kuti muone njira yake, inu mudzaikamo zenizeni. Malemu akasiya mkazi mmodzi ndi ana, mkaziyo amayamba watenga nyumba imene ankakhalamo ndi katundu wa m'nyumba. Izi siziwerengedwa pogawa. Kenaka pa chuma chotsala amachotsapo ngongole za malemu, zolipira ku ofesi ya Masitala woyang'anira chuma cha omwalira ndi ndalama zoyendetsera ntchito yonseyi. Tinene kuti kombi ija, ndalama za kubanki ndi puloti ina zikaphatikizidwa, ngongole zitachotsedwa, patsala madola 18,000. Inu mumalandira gawo lofanana ndi la mwana aliyense. Ana ndi anayi, inu wachisanu, ndiye aliyense atenga madola 3,600. Alamu anu, apongozi anu ndi mwana wa mlongo uja salandira kalikonse. Makolo ndi abale a malemu amalowa pogawa pokhapokha ngati malemu sanasiye mwana, ndipo ngakhale pamenepo nyumba imakhalabe ya mkazi.

Mwaona kuti ndawerenga ana anayi. Ndikudziwa kuti n'zowawa kumva za mwanayo pamaliro, koma musataye ndalama ndi mphamvu pomukana ngati alidi wa malemu. Mu 2015, pa mlandu wa Bhila, khoti lalikulu linagamula kuti ana obadwa kunja kwa ukwati ali ndi ufulu wofanana ndi anzawo pa chuma cha bambo awo. Chimene muyenera kufunsa ndi umboni, makamaka chikalata chake cha kubadwa chokhala ndi dzina la malemu. Gawo lake lili pa chuma chotsala chija, osati pa nyumba yanu. Funsaninso mosamala za mayi ake. Ngati anali chibwenzi chabe, alibe gawo. Ngati atapezeka kuti anakwatiwa mwamwambo, lamulo limamuwerenga ngati mkazi wachiwiri ndipo magawidwe amasintha. Mkazi aliyense amasunga nyumba imene ankakhalamo, akaziwo amagawana gawo limodzi la magawo atatu, wamkulu kutenga kawiri kuposa mnzake, ndipo ana onse amagawana magawo awiri otsalawo. Pa madola 18,000 aja, inu mungalandire 4,000, mnzanuyo 2,000, mwana aliyense 3,000.

Zonsezi zikudalira kuti ofesi ivomereze kuti munali mkazi wa malemu, ndipo apa ndi pamene ife a mtundu wa ku Malawi timavutika kuposa anzathu.

Lamulo lomweli limati ukwati wochitika mwamwambo ndi ukwati weniweni pa nkhani ya chuma cha masiye ngakhale sunalembetsedwe. Choncho kusowa kwa setifiketi sikukuchotserani ufulu. Vuto ndi umboni. Pakati pa Ashona ndi Andebele, chimene chimamanga ukwati ndi lobola, ndipo makhoti a kuno anazolowera kufunsa kuti lobola inaperekedwa kodi, analandira ndani, analipo ndani, pepala lake lili kuti. Mayi wa Chishona amatulutsa kabuku kamene analembamo ng'ombe ndi ndalama, nkhani n'kutha. Inu mukangoyankha kuti lobola sanapereke, wolemba amene sadziwa mwambo wathu angaganize kuti munkangokhalira limodzi. Ndipo kukhalira limodzi, ngakhale zaka makumi atatu, sikumupanga munthu kukhala mkazi wolandira chuma cha masiye.

Ndiye musapite kukayankha za chimene sichinachitike. Kafotokozeni chimene chinachitika. Kwathu ukwati umamangidwa ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri atakumana, kugwirizana ndi kulengeza pamaso pa mabanja. Pezani ankhoswe anu ngati ali moyo, a kuchimuna ndi a kuchikazi, alembe zikalata zolumbirira zonena tsiku, malo, amene analipo ndi zimene zinachitika. Ngati panaperekedwa chamlomo, ngati panasinthanitsidwa nkhuku, ngati panali mphatso za chinkhoswe, zonsezo zilembedwe. Ngati ankhoswe anamwalira, funani ena amene anakhalapo, ndiponso mkulu wina wodziwa mwambo wa Chichewa amene angafotokoze molumbira kuti ukwati wathu sudalira lobola. Akulu otere amapezeka m'mipingo ya CCAP ya ku Mbare, Highfield ndi Mufakose komweko, komanso m'magulu a maliro a anthu a kwathu. Onjezerani zikalata za kubadwa kwa ana anu atatu, pepala la kuntchito kwa malemu kapena la inshulansi ya maliro pamene anakulembani ngati mkazi wawo, kaundula wa kumpingo, ndi khadi la nyumba la kukhonsolo ngati dzina lanu lilipo. Zithunzi za chinkhoswe nazo zimathandiza.

Chitani izi msanga. Ofesi imakonda kumva kuchokera kwa abale a mwamuna kuti uyu analidi mkazi wathu, koma abale omwewo ndi amene akufuna nyumba. Lero akukutchani mlamu. Akadzazindikira kuti mawu awo ndiwo angakupatseni nyumba, ena adzayamba kunena kuti simunakwatiwe mwadongosolo. Koma apa alamu anu adzikola okha. Sasudzula chibwenzi. Ngati akukonzekera kukusudzulani, akuvomereza kuti ndinu mkazi wa mbale wawo. Sungani mauthenga a pafoni amene akunena za kusudzula, ndipo ngati mwambowo uchitika, pakhale mboni za kwanu zimene zidzakumbukire mawu amene ananenedwa.

N'kofunika kuti alamu anuwo amve izi: ngakhale atapambana n'kukukanani, iwo sapindula. Popanda mkazi, chuma chonse chimapita kwa ana a malemu mofanana, osati kwa abale. Chimene chingachitike ndi chakuti nyumba ingakhale ya ana anayi, ndipo mwana wa kunja uja angafune kuti igulitsidwe alandire gawo lake. Otaya angakhale inu ndi ana a mchimwene wawo yemwe. Nthawi zina kungowafotokozera zimenezi modekha, pamaso pa mkulu amene amamulemekeza, kumathetsa mkangano usanafike patali.

Tsopano za mgwirizano wa banja uja. Imfa iyenera kulembetsedwa kwa Masitala wa khoti lalikulu, ndipo lamulo limati izi zichitike pasanathe masiku 14. Nthawi yadutsa kale, koma amalandirabe, choncho pitani sabata ino. Chuma cha anthu okwatira mwamwambo chimalembetsedwanso kukhoti la majisitireti. Tengani chikalata cha imfa, chitupa chanu, zikalata za ana ndi mndandanda wa katundu yense, kombi ija isaiwalike. Yambani mwafunsa ngati wina sanalembetse kale, chifukwa zimachitika kuti m'bale amathamangirako n'kukanena kuti malemu analibe mkazi. Mukatero ofesi imaitanitsa msonkhano wa banja wosankha munthu woyendetsa chuma. Inu muli ndi ufulu woima pa udindowu. Banja likalephera kugwirizana, Masitala amasankha yekha, ndipo akhoza kuika munthu wapadera wodziwa ntchitoyi, amene malipiro ake amachokera pa chuma chomwecho. Wosankhidwayo amalandira chikalata cha mphamvu, ndipo ndi iye yekha amene angagwire chuma cha malemu. Iye si mwini chuma. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa katundu, kulengeza m'nyuzipepala kuti a ngongole abwere, kulipira ngongolezo ndi kulemba dongosolo la magawidwe.

Pa dongosolo limeneli lamulo linasiya khomo lotseguka mwadala. Woyendetsa chuma amayenera kukambirana ndi banja, ndipo olandira chuma akagwirizana pa magawidwe awoawo, Masitala akhoza kuvomereza. Cholinga chinali chabwino, kuti mabanja asamakokerane kukhoti pa chilichonse. Koma mayi wamasiye amene akulirabe, atazunguliridwa ndi alamu ndi apongozi, akuuzidwa kuti akakana ndiye kuti ndi amene anapha mwamuna wake, amasaina mosavuta. Pepala limangonena kuti banja lagwirizana kuti nyumba ilembedwe m'dzina la uje, amayi azikhalamo. Mawu oti azikhalamo amamveka okoma tsiku limenelo. Pakapita zaka ziwiri mwini dzina uja amagulitsa, ndipo wogula amabwera ndi mapepala ake. Kubweza zimene munasaina n'kotheka ngati mungaonetse kuti munakakamizidwa, koma ndi mlandu wa kukhoti lalikulu, wautali ndi wodula, ndipo nyumba ikagwa m'manja mwa wogula wosadziwa kanthu zimavuta koposa.

Chizindikiro choti zinthu zikupotoka mudzachiona motere. Akakuuzani kuti safuna kukuvutitsani ndi maulendo a kutauni, iwo akayendetsa okha, dziwani kuti mukuchotsedwa pa msonkhano. Akakupemphani chikalata cha imfa chenicheni, chitupa cha malemu kapena mapepala a nyumba kuti akasunge, kanani mwaulemu n'kuwapatsa makope. Akabweretsa pepala la Chingerezi n'kunena kuti ndi longotsegulira faelo, litengeni mukaliwerenge ndi munthu wanu. Pa msonkhano wa kwa Masitala nenani momveka kuti simukuvomereza magawidwe ena kupatula a lamulo, ndipo mupemphe kuti mawu anuwo alembedwe. Pakakhala kusagwirizana, Masitala amagamula potsata magawo amene ndakuwerengerani aja. Akagamula mokulakwirani mukhoza kuchita apilo kukhoti lalikulu, koma nthawi yake ndi yochepa, musazengereze.

Mawu oti nyumba imene munkakhalamo muwasamale. Musasamuke ngakhale mwezi umodzi pofuna kuti mitima izizire. Lamulo limayang'ana pamene munkakhala pa nthawi ya imfa, choncho kusamuka tsopano sikukuchotserani ufulu, koma kumapatsa anthu mpata wolowetsa munthu wawo, kusintha maloko ndi kuyamba kunena kuti munali mutapatukana kale ndi malemu. Kutulutsa munthu amene walowa kumafuna khoti. Fufuzaninso kuti nyumbayo ili m'dzina la ndani. Nyumba zambiri za ku Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa zilibe mapepala a umwini wathunthu, zili pa mgwirizano wogula ndi khonsolo. Zimenezi sizoopsa, chifukwa ufulu wa malemu pa mgwirizanowo umasamutsidwira kwa inu ku ofesi ya nyumba ya khonsolo mukaonetsa mapepala a kwa Masitala. Choopsa ndi pamene nyumba idakali m'dzina la apongozi anu aamuna amene anamwalira kale ndipo chuma chawo sichinalembetsedwe. Izi n'zofala m'mabanja athu, chifukwa madala ambiri analandira nyumbazi kudzera ku ntchito kalekale. Zikakhala choncho, nyumbayo si ya amuna anu, ndipo chuma cha apongoziwo chiyenera kuyamba chagawidwa. Chaka chimene iwo anamwalira ndicho chidzanene lamulo loti litsatidwe, lakale kapena la 1997. Pitani ku ofesi ya khonsolo ya m'dera lanu mukaone faelo ya nyumbayo musanapite kwina kulikonse.

Za makiyi a kombi, lamulo losamalira mabanja a anthu omwalira, Chaputala 6:03, pa gawo 10, limapatsa mkazi wamasiye ndi ana ufulu wopitiriza kukhala m'nyumba ndi kugwiritsa ntchito katundu amene ankagwiritsa ntchito malemu ali moyo, mpaka chuma chitagawidwa. Kuwalanda ndi mlandu wa kupolisi, ndipo khoti likhoza kulamula kuti katundu abwezedwe. Komanso kugwira chuma cha malemu usanapatsidwe mphamvu ndi Masitala n'koletsedwa. Yambani ndi kalata yowapempha kuti abweze makiyi pofika tsiku lakuti, musunge kope lake. Akakana, pitani ku polisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa m'mabanja, mutatenga buku la galimotoyo. Wapolisi akakuuzani kuti ndi nkhani ya m'banja, mutchulireni gawo 10 lija. Ndalama zimene kombiyo yakhala ikupanga chiyambire Juni nazo ndi za chuma cha malemu, choncho lembani tsiku limene anaitenga. Ndipo ngati pakusudzulapo wina atchula zolowa chokolo inu musakufuna, dziwani kuti lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja limawerenga kukakamiza mkazi wamasiye kulowedwa ngati nkhanza.

Mwati wilo palibe, koma tsimikizani. Funsani kwa Masitala, kubanki ndi kuntchito kwa malemu. Wilo ikapezeka zonse ndanenazi zikhoza kusintha, chifukwa mu 2020, pa mlandu wa Chigwada, khoti lalikulu la apilo linagamula kuti munthu ali ndi ufulu wosiyira chuma chake amene wamufuna, ngakhale kumusiya mkazi wake kunja. Zikatero chotsala ndi kupempha chisamaliro kuchokera pa chumacho kudzera mu Chaputala 6:03 chija. Wilo yotulukira mwadzidzidzi m'thumba la mlamu patapita miyezi iyenera kuonedwa ndi loya, makamaka siginecha ndi mboni zake.

Penshoni ya ku NSSA ndi ya kuntchito zili ndi malamulo akeake ndipo sizidikira magawidwe a kwa Masitala, choncho kafunseni padera. Kumenekonso adzafuna umboni wa ukwati, ndiye zikalata za ankhoswe zija mupange makope angapo otsimikizidwa. Ngati malemu anali ndi nyumba kapena malo ku Malawi, zimenezo zimatsata lamulo la kumeneko la 2011 loyang'anira chuma cha masiye, limene nalonso limaika mkazi ndi ana patsogolo ndipo limaletsa kulanda katundu. Imeneyo ndi ntchito ina yodzayamba mukamaliza ya kuno.

Ngati ndalama za loya palibe, mabungwe a WLSA ndi ZWLA muno mu Harare amathandiza amayi pa nkhani zotere, komanso boma lili ndi ofesi yopereka maloya kwa osowa. Popita kumeneko tengani mapepala onse ndatchulawa, mayina a ankhoswe anu ndi kumene akukhala, ndiponso mwana wanu wamkulu kuti azimva nawo zonse.